Kalata ya ngalande: lembani kuti injiniya apeze poyambira

Ngalande simatsekeka tsiku limodzi. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, kumwamba kuli mbee, m'ngalande mumagwera zinthu pang'onopang'ono: majumbo, mabotolo a zakumwa, zikutu za nzimbe, matewera a ana otayidwa usiku, mchenga wotsala pomanga mpanda. Palibe amene amadandaula chifukwa ngalande youma sivutitsa munthu. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, zonsezi zimanyamuka pamodzi n'kukaima pamalo opanikizika, omwe nthawi zambiri ndi pakamwa pa kalavati, paipi ya simenti ija yodutsitsa madzi pansi pa msewu. Majumbo amayamba kukodwa pa kamtengo kopingasa, matope amadzamatira pa majumbowo, ndipo pofika mvula yachitatu pakamwapo patsekeka ndithu. Madzi amabwerera m'mbuyo, kudzaza ngalande, kusefukira, n'kulowa pakhomo lililonse limene lili m'munsi.

Anthu ambiri amaderera kuchuluka kwa madziwa. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pamakhala lita imodzi ya madzi. Choncho mvula ya mamilimita 30, yomwe si yachilendo m'Januwale, imathira malita 300,000 pa hekitala imodzi, kapena kuti madiramu 1,500 a malita 200. Kumudzi, ambiri mwa madziwa amalowa m'nthaka. Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Bangwe, komwe kuli madenga a malata okhudzana, makonde a simenti ndi nthaka yopondedwa mpaka kuuma gwa, ambiri amathamangira m'ngalande m'mphindi zochepa. Kalavati imodzi ikakana, madiramu onse aja amafuna kopita.

Zikatero anthu amakwiya, amatumizirana zithunzi pa foni, ena amakaitana khansala pakati pa mvula. Zonsezo zili ndi malo ake. Koma ofesi imagwira ntchito ndi mapepala, ndipo dandaulo limene silinalembedwe limatha ndi kuuma kwa matope. Kalata nayo, kuti igwire ntchito, iyenera kulembedwa poganizira munthu mmodzi: injiniya wa khonsolo amene sanafikepo kwanuko, yemwe ali ndi galimoto imodzi, antchito ochepa ndi mulu wa madandaulo. Akamaliza kuwerenga kalata yanu azidziwa kumene angapite, chimene akapeze, ndi zida zimene anyamule.

Musanagwire cholembera, dziwani mwini wake wa vutolo. M'dziko muno muli makhonsolo a mizinda anayi: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Onse amayendera lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, ndipo ngalande za madzi a mvula m'misewu ya m'malokeshoni ndi ntchito yawo, pansi pa nthambi ya zomangamanga. Koma msewu waukulu ngati M1, ngakhale ukudutsa pakati pa mzinda, umayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority. Ngati kalavati yanu ili pa msewu wotere, lemberanibe khonsolo koma kope lina lipite ku bungwelo. Ndipo ngati madzi akuyenderera dzuwa lili phwee, osanunkha, oyera, imeneyo si nkhani ya ngalande. Ndi paipi yophulika, ndipo oyenera kuuzidwa ndi bungwe logawa madzi m'dera lanu.

Kalata imapita kwa mkulu wa khonsolo, amene amatsogolera ogwira ntchito onse, osati kwa meya. Meya ndi khansala wosankhidwa ndi makhansala anzake, ndipo sagawa mafosholo. Pansi pa adiresi mumalemba kuti kalatayo ionedwe ndi mkulu wa nthambi ya zomangamanga. Khansala wa wodi yanu alandire kope, chifukwa ndi iye amene angadzutse nkhaniyo pa msonkhano wa khonsolo, koma musamupatse kalata yeniyeniyo kuti akakuperekereni. Makalata oyenda m'matumba a jekete amakhalitsa m'njira.

Tsopano ntchito yaikulu, imene ambiri amailumpha, ndiyo kupeza chimene chavuta. Mawu akuti “ngalande yatsekeka” amaphimba mavuto osiyana, ndipo mtengo wokonzera umasiyana kutali. Nyamulani ndodo ndi tepi yoyezera, muyende m'mbali mwa ngalande kuchokera pamene madzi amasefukira kutsikira kumunsi, mpaka mupeze pamene zinthu zikusintha. Pamene madzi amasefukira si pamene pali vuto. Vuto limakhala kumunsi kwake, nthawi zina mamita makumi angapo.

Mukafika pa kalavati, yang'anani mbali zonse ziwiri. Ngati kumtunda kuli madzi osayenda ndi mulu wa zinyalala, koma kumunsi kuli kouma kapena kukungodontha, yatsekeka pakamwa kapena mkati. Yezani kukula kwa paipiyo. Zambiri m'misewu ya m'malokeshoni zimakhala za mamilimita 600 kapena 900. Zikani ndodo m'matope mpaka igunde simenti ya pansi, muyeze pamene matope alekeza. Kenaka suzumirani ndi tochi, nyengo ili youma, osalowamo: kodi kuwala kwa tsidya lina kukuoneka? Ngati sikukuoneka, ndipo pamwamba pa msewu pali kadzenje kapena phula latitimira molunjika paipiyo, n'kutheka kuti paipi inasweka ndi magalimoto olemera ndipo dothi linagweramo. Pamenepo fosholo sithandiza. Pafunika kukumba msewu ndi kuika paipi ina.

Pali vuto lina lonyenga. Kalavati ili bwinobwino, mulibe zinyalala, mvula ikamagwa kumunsi kukutuluka madzi odzaza paipi yonse mwamphamvu, komabe kumtunda kukusefukira. Imeneyo sinatsekeke, yachepa. Inaikidwa kumtundako kuli minda ya chimanga, ndipo lero kuli nyumba zokhazokha. Paipi ya mamilimita 900 imaoneka yokulirapo pang'ono poyerekeza ndi ya 600, koma mpata wake wodutsa madzi ndi woposa kawiri. Mukalemba kuti “tichotsereni zinyalala” pamene vuto ndi kuchepa kwa paipi, antchito adzabwera, adzapala pang'ono, adzalemba kuti ntchito yatha, ndipo madzi adzalowanso.

Chovuta kwambiri kulemba ndi pamene ngalande yatsekedwa ndi munthu. Wina wamanga mpanda wodutsa pamwamba pake n'kusiya kabowo kolowa mphaka, wina wakwirira kuti galimoto yake izilowa pageti, wina wamanga okala. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'mizinda yathu makwawa ambiri ali ndi nyumba pamwamba. Apa langizo langa ndi lakuti mufotokoze chinthucho, osati munthuyo. Lembani kuti pa malo akuti pali mpanda wodutsa pa ngalande ndipo mpata umene watsala ndi masentimita akuti. Musalembe kuti a uje ndi ouma mtima kapena kuti anapereka ziphuphu. Khonsolo ili ndi nthambi yoona za mapulani a mzinda yomwe ingafufuze ngati mpandawo unavomerezedwa. Inu mukanena zimene simungathe kuzitsimikiza, nkhani imachoka pa ngalande n'kukhala ya kuipitsirana mbiri, ndipo kalata ya anthu ambiri sikhala yachinsinsi. Mnansi wanuyo mudzakumana naye pa maliro.

Tiyeni tiyerekeze dera lina lopeka, kuti tione mmene zonsezi zimalowera pa pepala. Pali msewu wa dothi wotsika kuchokera ku msika, ngalande ili kumanzere kwake, ndipo pafupi ndi chigayo imadutsa pansi pa msewu. Anthu ayeza, awerenga nyumba, ndipo alemba motere, pamwamba ataikapo adiresi yawo, tsiku, ndi adiresi ya mkulu wa khonsolo:

Wokondedwa Bwana,

PEMPHO LOTI MUTSEGULE KALAVATI YOTSEKEKA PA MSEWU WA KUMSIKA, PAFUPI NDI CHIGAYO

Ife amene tasaina pa pepala lachiwiri, okhala m'munsi mwa msika m'wodi yathu, tikupempha khonsolo kuti itsegule kalavati imene yatsekeka ndipo ikuchititsa kuti madzi a mvula azilowa m'nyumba zathu.

Kalavatiyi ili pa msewu wotsika kuchokera ku msika, mamita pafupifupi 200 kuchokera pa geti la msikawo, moyang'anana ndi chigayo. Galimoto imafika pamalopo. Taphatikiza mapu ojambula pamanja.

Paipi yake ndi ya mamilimita 600. Titayeza pa 18 Januwale tinapeza matope ndi majumbo okwana masentimita 45 pakamwa pake, ndipo tikaunika ndi tochi sitikuona tsidya lina. Msewu pamwamba pake sunatitimire. Ngalande ya kumunsi, yotalika mamita pafupifupi 80 kukafika kumtsinje, nayo yadzaza mchenga.

Pa 9 ndi pa 16 Januwale madzi analowa m'nyumba 11, momwe mukukhala anthu 58. M'nyumba zitatu anafika masentimita 40, ndipo chizindikiro chake chikuoneka pa zipupa. Zimbudzi zokumba ziwiri zinasefukira, ndipo madzi ake anadutsa pa kiyosiki yomwe timatungapo madzi akumwa. Chipupa cha nyumba imodzi ya zidina chang'aluka.

Tinachita chitukuko pa 11 Januwale n'kuchotsa zinyalala za pakamwa, koma mkati mwa paipi sitingathe kufikamo ndi makasu.

Tikupempha zinthu zitatu: kuti injiniya adzaone malowa m'masiku 14 akubwerawa, kuti paipi ndi ngalande ya kumunsi zitsegulidwe ndipo matope ake achotsedwe pamalopo, ndi kuti mutiyankhe polemba za tsiku limene ntchitoyi ingachitike. Ife tili okonzeka kupereka anthu 15 oti athandize pa tsikulo.

Wapampando wa komiti yathu, yemwe nambala yake ya foni ili pansipa, ndi amene angakulondolereni.

Ndife anu okhulupirika,

Pansi pake pamabwera dzina, siginecha ndi nambala ya foni, kenaka mndandanda wa olandira makope: khansala, mkulu wa nthambi ya zaumoyo ku khonsolo, ndi mfumu kapena bulokolida wa deralo.

Kalatayi ikukwana pa tsamba limodzi, ndipo ndi dala. Onani kuti pempho lili m'chiganizo choyamba. Wowerenga makalata m'kaundula amangoyang'ana mutu ndi ndime yoyamba kuti adziwe nthambi yoti atumizeko, ndiye mukayamba ndi malonje aatali ndi mbiri ya dera lanu, kalata imatha kusochera isanafike n'komwe kwa injiniya.

Ndime ya malo ndi imene imapha makalata ambiri. Misewu yambiri m'malokeshoni mwathu ilibe mayina olembedwa, nyumba zilibe manambala ooneka, ndipo mawu akuti “kwathu kuno kumunsi kwa tchalitchi” amamveka kwa inu nokha, popeza matchalitchi m'wodi imodzi ndi osawerengeka. Sankhani chizindikiro chimene dalaivala aliyense angachipeze, monga msika, sukulu ya boma kapena siteji ya minibasi, ndipo muwerenge mtunda kuchokera pamenepo. Sitepe yaikulu ya munthu wamkulu imatsala pang'ono kukwana mita, choncho kuwerenga masitepe kumapereka chithunzi chokwanira. Amene ali ndi foni yamakono aime pa kalavatipo, atsegule Google Maps, akopere manambala osonyeza malowo n'kuwaika m'kalata. Chiganizo chachifupi chija chakuti galimoto imafika, kapena kuti simafika, chimauza injiniya ngati atumize lole kapena anthu a mawilibala.

Manambala a nyumba ndi anthu akhale oona. Chiyeso chokokomeza chimakhalapo: nyumba 11 zimasanduka “nyumba zoposa 50” poganiza kuti abwana achita mantha. Koma woyendera akafika n'kupeza 11, amayamba kukayikiranso masentimita 45 aja, ngakhale munayeza bwino. Ndipo zithunzi zijambulidwe mwanzeru. Chithunzi cha madzi abii sichinena kanthu, chifukwa chingakhale cha kulikonse. Jambulani chipupa pamene pali mzere wa matope, tepi itaimikidwa pambali. Jambulani kalavati chigayo chikuoneka kumbuyo. Zitatu kapena zinayi zakwana, chilichonse chilembedwe tsiku kuseri.

Chiganizo cha zimbudzi ndi kiyosiki musachisiye ngati zinachitikadi, chifukwa ndi chimene chimalowetsa nthambi yachiwiri m'nkhaniyi. Mliri wa kolera umene unayamba m'Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe ndi Blantyre anali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri. Wa zaumoyo aliyense amadziwa tanthauzo la madzi a m'chimbudzi odutsa pamalo otungira madzi. Lamulo la zaumoyo wa anthu limapatsa khonsolo udindo wothana ndi zinthu zoika umoyo pachiswe m'dera lake, ndipo ngalande yosunga madzi onyansa ndi chimodzi mwa izo. Simukufunika kutchula ndime za lamulo ngati loya. Kungoika kope ku nthambi ya zaumoyo kwakwanira.

Ndime yonena za chitukuko chimene munachita ikuyankhiratu funso limene lidzabwere ndithu, lakuti kodi zinyalalazo anataya ndani. Funsoli ndi lachilungamo. Majumbo opyapyala, osakwana mamaikuloni 60, analetsedwa ndi malamulo a 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma akupezekabe m'ngalande, ndipo sanadziponyemo okha. Komanso ndi zoona kuti madera ambiri saona galimoto yotenga zinyalala. Kalata si malo otsutsirana za amene analakwa poyamba. Kunena zimene mwachita ndi pamene mphamvu zanu zathera kumasonyeza bwino gawo limene latsalira khonsolo. Ndipo mphamvuzo zitheredi pakamwa pa paipi: musalole mnyamata aliyense kukwawira mkati mwa kalavati yotsekeka. Kuseri kwa chitsekerocho kumatha kukhala madzi ambiri omwe amaphulika nthawi imodzi, ndipo mpweya wa m'zinthu zowola umakomola.

Nanga chilankhulo? Ntchito zambiri za m'maofesi zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo ngati muli ndi mphunzitsi kapena kalaliki pakati panu, palibe cholakwika kulemba m'zilankhulo zonse ziwiri. Koma Chichewa chomveka chimaposa Chingerezi chobwereka chodzaza mawu aakulu amene osainawo sakuwamva. Munthu asaine chimene wachimvetsa.

Kukapereka kalata kuli ndi mwambo wake. Pangani makope okwanira, mupite anthu awiri ku ofesi ya khonsolo, ku Blantyre ndi ku Civic Centre ku Chichiri, mufunse kolandirira makalata. Perekani kalata yeniyeni, ndipo pemphani mwaulemu kuti pa kope lanu adindepo chidindo chosonyeza tsiku limene alandira, ndi siginecha ya wolandirayo. Kope lodindidwalo ndiye chuma chanu. Lisungidwe mu pulasitiki, pamalo okwera, poti nyumba yake ndi yomwe ija yolowa madzi. Masiku 14 akatha, pitani mukafunse kuti kalatayo ili pa desiki ya yani. Mukapanda kuthandizidwa, lembani yachiwiri, yaifupi, yotchula tsiku la yoyamba ndi chilichonse chatsopano chimene chachitika, monga mvula ina kapena chipupa chimene chagwa.

Ngati chete apitirira, njira zilipo. Ndime 43 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu ufulu wochitiridwa zinthu mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndi wopatsidwa zifukwa polemba pamene zochita zawo zikukhudza ufulu wake. Ofesi ya Ombudsman imalandira kwaulere madandaulo a kuchedwa kapena kusayankha kwa maofesi otere, koma chimene adzayambe kufunsa ndi umboni wakuti munadandaula kaye kwa eni ake, ndipo apa ndi pamene chidindo chija chimalankhula. Palinso lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Ndi lamuloli mungapemphe kuona ndondomeko ya ntchito za ngalande za chaka chimenecho, kuti mudziwe ngati dera lanu lilimo.

Tisanamizane, kalata ili ndi malire. Kutsegula kalavati ndi ntchito ya anthu ochepa, masiku ochepa, ndipo khonsolo ingaichite ndi ndalama za tsiku ndi tsiku. Kusintha paipi yosweka kapena yochepa, kapena kuwaka ngalande ndi miyala ndi simenti, kumafuna kuti ntchitoyo ilowe mu bajeti. Chaka cha ndalama cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, kutanthauza kuti zokambirana za bajeti zimachitika miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Pempho la ntchito yaikulu lipite msanga kudzera kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya wodi, ndipo phungu wa nyumba ya malamulo alandire kope. Pempho longotsegula ngalande, nthawi yake yabwino ndi Ogasiti kapena Sepitembala, matope ali ouma, osavuta kufukula, ndiponso madandaulo asanachuluke. Umboni umasonkhanitsidwa m'dzinja, koma ntchito imayenda bwino m'chilimwe. Ngati madzi akulowa panopa lembani panopa, kenaka mudzakumbutse mvula ikatha.

Malire ena ndi owawa. Nyumba imene ili m'khwawa lenileni, m'mphepete mwa Lingadzi, Mudi kapena Nasolo, kapena m'tsinde mwa phiri pamene pamatsetserekera madzi, singapulumutsidwe ndi kalavati iliyonse. Zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, m'Malichi 2023, sizinali za ngalande yotsekeka. Choncho olemba akonzekere kuti woyendera angabwere n'kunena kuti nyumba zina zili pamalo osayenera kumangapo. Ndi bwino kukambirana zimenezi ngati dera musanasaine, kuti pasadzakhale wonena kuti kalata inamubweretsera tsoka.

Tsiku limene antchito abwera, wapampando asangowalondolera n'kubwerera kunyumba. Ntchito ya ngalande imayambira kumunsi kukwera kumtunda, chifukwa mukatsegula kalavati ngalande ya kumunsi ikadali yodzaza mchenga, mwangosamutsira chigumula kwa anansi a m'munsimo, ndipo paipiyo idzadzazanso popeza madzi alibe kothamangira. N'chifukwa chake kalata ija inatchula mamita 80 okafika kumtsinje. Chinanso ndi matope ofukulidwa. Kawirikawiri amaunjikidwa m'mphepete mwa ngalande momwemo kuti aume, podikira lole. Loleyo ikachedwa, mvula yotsatira imawabwezera momwe anachokera. Funsani kapitawo tsiku limene adzawatenge, mulembe, ndipo ngati tsikulo ladutsa, atuteni nokha ndi mawilibala mukawathire pamalo pamene madzi safika. Antchito asanachoke, wina aime mbali imodzi ya paipi ndi tochi, wina mbali inayo, muone ngati kuwala kukudutsa ndiponso ngati simenti ya pansi ikuoneka kuyambira pakamwa mpaka kotulukira.